Kupempha mabulangete ndi chakudya madzi akasefukira mu Blantyre: zimene tinaphunzira pa tebulo lolandirira katundu

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula yosalekeza kwa masiku angapo, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo, ndipo pa 13 Malichi boma linalengeza kuti chigawo cha kumwera chagwa m'ngozi. Anthu opulumuka anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi, ambiri ali ndi zovala za m'thupi zokha, zonyowa. Kutangocha, mafoni anadzaza ndi mauthenga opempha thandizo, ndipo pafupifupi onse ankanena chimodzimodzi: "Chonde abale, anzathu ali pamavuto, bweretsani chilichonse chimene muli nacho."

Ife amene tinakhala pa tebulo lolandirira katundu tinaona zimene mawu akuti "chilichonse" amabala. Kunabwera nsapato zazitali chidendene, masuti, makatani, matumba a chimanga chosagaya pamene zigayo zinali zitaima chifukwa cha kuzima kwa magetsi, ndi mpunga wophika umene unafika madzulo utasasa kale. Mabulangete, amene anthu ankawafuna usiku womwewo, anali ochepa kwambiri. Opereka analibe mlandu. Anachita zimene anauzidwa. Cholakwika chinali pa pempholo, chifukwa silinanene chiwerengero, tsiku, malo enieni osiyapo katundu, kapena munthu mmodzi womufunsa. Tikulemba izi kwa amene mawa lino adzapezeka akulemba pempho lotere, ndi kwa amene adzaliwerenga ali ndi mtima wopereka.

Musanalembe chilichonse, werengani anthu. Wina angaone ngati n'kutaya nthawi pamene ana akunjenjemera ndi chisanu, koma ntchitoyi siposa ola limodzi mukagawana makalasi. Tengani kope lachikuto cholimba, lembani banja lililonse pamzere wake: mutu wa banja, kumene nyumba yawo inali, akuluakulu angati, ana a sukulu angati, ana osakwana zaka 5 angati, kenaka oyembekezera, oyamwitsa, okalamba ndi olumala. Muitane mfumu ya m'deralo kapena buloko lida kuti aziona mayinawo, chifukwa iwo amadziwa amene nyumba yake yagwadi. Kaundulayu muzimulemba usiku, anthu akukonzekera kugona. Masana msasa umafufuma: pamabwera achibale odzazonda, ana a m'makomo oyandikana, ndi ena amene amva kuti kukubwera galimoto. Ogona pamsasa ndi amene akufuna bulangete. Kope lomweli ndi limene a khonsolo ya mzinda, a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi a Red Cross adzalifunsa akafika, choncho lilembedwe mooneka bwino kuyambira tsiku loyamba.

Titenge msasa wa mabanja 40, anthu 200, ali m'makalasi a sukulu ya pulaimale. Manambalawa tawasankha kuti masamu aphweke, inu mudzaikapo anu. Mwa anthu 200 amenewa, tinene kuti 40 ndi ana osakwana zaka 5, ndipo oyembekezera, oyamwitsa ndi okalamba onse pamodzi ndi 30.

Tiyambe ndi mabulangete, chifukwa njala ya usiku umodzi munthu amaipirira, koma chisanu cha usiku umodzi chimatha kumugoneka mwana wakhanda kapena gogo kuchipatala ndi chibayo. Muyezo wabwino ndi bulangete limodzi pa munthu aliyense. Ambiri amaganiza kuti banja lingafunde limodzi ngati kunyumba, koma pamsasa amayi ndi ana amagona kalasi yawo, abambo ndi anyamata kalasi ina, ndiye banja limagawika pawiri. Mukapatsa banja bulangete limodzi, dziwani kuti theka la banjalo ligona chosafunda. Ngati mabulangete 200 sangapezeke tsiku loyamba, cholinga chanu chikhale 3 pa banja, kutanthauza 120, ndipo oyamba kulandira akhale amayi a ana aang'ono ndi okalamba. Ngati pamsasa pali kale 30 amene anthu anathawa nawo kapena oyandikana anabwereketsa, pempho linene momveka kuti akufunika 170, ndipo 90 mwa amenewa afike dzuwa lisanalowe lero.

Pali chinthu china chimene opereka ambiri sachiganizira. Chisanu chenicheni m'kalasi chimachokera pansi. Simenti yonyowa imakoka kutentha kwa thupi usiku wonse, ndipo munthu amene wapatsidwa bulangete limodzi amakakamizika kusankha pakati pa kuliyala ndi kulifunda. Akaliyala pa simenti, pofika m'mawa lanyowa ndi chinyezi komanso matope a kumapazi, ndipo kunja kulibe dzuwa loti liume. Choncho pempho la mabulangete lizipita limodzi ndi pempho la zoyala: mphasa, mikeka, makatoni ophwasula, ndi pepala lapulasitiki lakuda lija omanga nyumba amayala pansi. Pulasitiki iyambe pansi, pamwamba pake katoni kapena mphasa, kenaka munthu ndi bulangete lake. Makatoni amapezeka mosavuta kwa amasitolo ogulitsa zambirimbiri ku Limbe, bola wina apite kukapempha ndi kuwanyamula osawanyowetsa.

Mtundu wa bulangete nawonso uli ndi nkhani. Mabulangete opepuka aubweya wofewa, otchipa aja a pamsika, ndi amene amathandiza kwambiri, chifukwa mwana akakodzera mumawachapa n'kuyanika pakhonde ndipo amauma tsiku lomwelo ngakhale kuli mitambo. Zofunda zonenepa zathonje m'kati zimaoneka zapamwamba, koma zikanyowa zimatenga masiku, zimayamba kununkha chuku, ndipo pamapeto pake zimatayidwa. Bulangete logwiritsidwa kale ntchito ndi lolandirika, koma libwere lochapa, louma, lokulungidwa m'jumbo kapena m'thumba lapulasitiki. Lonyowa limodzi mukaliunjika pakati pa ouma 20, pofika mawa onse amva fungo. Pa tebulo lolandirira, tambasulani lililonse, ligwireni m'makona, linunkhizeni, ndipo yang'anani m'misoko ngati muli nsikidzi. Musachite manyazi kuchita izi woperekayo akuona. Nsikidzi zikalowa m'kalasi yogona anthu 50 simuzitulutsanso.

Ndipo musaiwale zitenje. Pa zovala zonse zimene anthu amapereka, chitenje ndicho sichibwerera. Ndi chofunda cha mwana, mbereko, thewera, katani yotchinga pobvala, chosefera madzi, ndi chovala cha mayi amene diresi yake ili pachingwe. Kaunjika wosasankha, kunena zoona, amatipatsa ntchito yambiri kuposa phindu: anthu atatu amataya tsiku lonse akusanthula milu, pamene zofunika zenizeni ndi majuzi a ana ndi zovala zamkati zatsopano. Ngati mukufuna kupereka zovala, sankhani nokha kunyumba, mumange padera za ana, za amayi, za abambo, ndi kulemba pathumba.

Tsopano chakudya, pamene masamu amafunika kwambiri. Mabungwe othandiza pa ngozi amawerengera kuti munthu mmodzi patsiku afunika pafupifupi magalamu 400 a ufa, 60 a nyemba kapena ndiwo zina zouma za mtundu umenewo, 25 a mafuta ophikira ndi 5 a mchere. Kwa anthu 200, ufa ndi makilogalamu 80 patsiku, kutanthauza kuti thumba la makilogalamu 50 silikwana ngakhale tsiku limodzi. Pa sabata ndi makilogalamu 560, matumba 12 mukawerengera wotayika pophika. Nyemba ndi makilogalamu 12 patsiku, 84 pa sabata. Mafuta ndi malita pafupifupi 5 ndi theka patsiku, choncho zigubu 2 za malita 20 zimatha sabata. Mchere ndi kilogalamu imodzi patsiku. Munthu akabwera ndi matumba 5 a ufa, onse amaomba m'manja ngati vuto latha, koma amenewo ndi masiku 3 okha. N'chifukwa chake pa khoma la chipinda chosungiramo katundu tinkalemba masiku otsala m'malo mwa chiwerengero cha matumba: ufa masiku 3, nyemba tsiku limodzi, mafuta masiku 6. Aliyense wofunsa kuti abweretse chiyani ankayankhidwa ndi khoma limenelo.

M'pempho lembani kuti ufa, ndipo onjezani kuti osati chimanga. Madzi akasefukira magetsi amazima, zigayo zimaima, ndipo ngakhale zikugwira ntchito, kugayitsa kumafuna ndalama ndi wonyamula. Chimanga chingathandize sabata yachiwiri kapena yachitatu, koma usiku woyamba n'chimodzimodzi kupatsa munthu miyala. Mgaiwa ndi wabwino pa thanzi ndipo umakhalitsa m'mimba, koma chifukwa cha mafuta a mtima wa chimanga, umawonongeka msanga kuposa ufa woyera ukakumana ndi chinyezi. Ufa uliwonse ukafika, pisani dzanja mpaka pakati pa thumba. Ukamveka wofunda, wa mibulu, kapena wa fungo la chuku, usalowe m'chipinda, ngakhale wopereka akhumudwe. Thumba lanyowa pansi lokha mukhoza kupulumutsa ufa wa pamwamba pouthira m'thumba lina nthawi yomweyo, wa pansiwo n'kutaya.

Nyemba zili ndi vuto limene limaonekera pamoto. Zimafuna maola 2 kapena 3 kuti zipse, ndipo nkhuni zonse m'deralo zanyowa, makala akwera mtengo chifukwa anjinga sakutha kutsika nawo. Kuziviika m'madzi usiku kumachepetsa nthawiyo, koma masiku awiri oyamba pemphani ndiwo zopsa msanga: soya pisesi, usipa, bonya, matemba, nsinjiro. Nyemba zibwere ndithu, koma zibwere ndi moto wake. Tinkauza opereka kuti amene wagula thumba la nyemba aganizirenso nkhuni zouma kapena thumba la makala. Miphika ikuluikulu, mithiko, zipande, mbale ndi makapu nazonso zilembedwe, chifukwa makilogalamu 40 a ufa pa chakudya chimodzi simungawaphike m'mapoto a kunyumba. Sukulu zimene zimaphikira ana phala zimakhala ndi miphika ndi mbaula zazikulu, ndipo matchalitchi ambiri ali ndi miphika ya pamaliro ndi paukwati. Pemphani imeneyo kwa a hedi kapena akulu ampingo musanapemphe kwina.

Ana 40 aja ndi amayi ndi okalamba 30 sangadikire nsima ya masana. Afunika phala m'mawa, ndipo Likuni Phala kapena ufa wina wosakaniza chimanga ndi soya ndi umene uyenera. Pa magalamu 100 munthu mmodzi, anthu 70 afunika makilogalamu 7 patsiku, thumba limodzi la makilogalamu 50 pa sabata, ndi shuga pang'ono. Ukasowa, mgaiwa wothira nsinjiro ndi kamafuta umagwira ntchito yomweyo.

Pali zinthu ziwiri zimene pempho liyenera kukana poyera, ngakhale kukana mphatso kumaoneka mwano. Choyamba ndi chakudya chophikaphika chochokera kutali. Mpunga ndi nyemba zophikidwa m'mawa ku Namiwawa kapena ku Chilomoni, n'kutsekeredwa m'ndowa zikadali zotentha, n'kuchedwa panjira chifukwa msewu waduka, zimafika zili zofunda pang'ono, ndipo m'kufunda kotero ndi mmene tizilombo timaswanirana msanga. Freddy anatipeza tili kale pakati pa mliri wa kolera umene unayamba mu 2022, ndipo pa msasa wa zimbudzi zochepa kutsegula m'mimba kwa anthu 10 kumasanduka kwa anthu 50 m'masiku awiri. Amene akufunitsitsa kuphika abwere ndi zouma adzaphikire pamsasa pomwepo, anthu adye zikutuluka nthunzi. Buledi ndi masikono ndi zolandirika tsiku loyamba, moto usanayake. Chachiwiri ndi mkaka wa m'chitini wa makanda ndi mabotolo ake. Pamalo opanda madzi abwino ndi powiritsira botolo, mkaka umenewu umadwalitsa mwana, komanso mayi akasiya kuyamwitsa bere limayamba kuuma. Mayiyo apatsidwe phala, nsima ndi madzi, apitirize kuyamwitsa. Khanda limene mayi ake amwalira kapena asowa lionetsedwe kwa alangizi a zaumoyo tsiku lomwelo, iwo ndiwo aone chochita.

Madzi titchuleko mwachidule, popeza chakudya chopanda madzi abwino chimadwalitsa. Muyezo ndi malita 15 pa munthu patsiku pa kumwa, kuphika ndi kusamba, ndiye anthu 200 ndi malita 3,000, zigubu 150 za malita 20. Mipopi imaduka nthawi yotere. Pemphani ndowa zokhala ndi zivindikiro, sopo, ndi mankhwala othira m'madzi a Wotagadi: kachivindikiro kamodzi pa malita 20, n'kudikira mphindi 30. Madzi akakhala amatope ayambe adikha, asefedwe pa chitenje choyera, kenaka mankhwala. Alangizi a zaumoyo amakhalanso ndi kolorini wosungunula kale ndipo amanena muyezo wake.

Za malo osiyapo katundu ndi pamene tinalakwitsa kwambiri poyamba. Uthenga ukati "bweretsani kumsasa", galimoto iliyonse imafika pakati pa anthu anjala, ndipo mwini wake, mwa chifundo, amatsegula kumbuyo n'kuyamba kugawa. Amphamvu amatenga mabulangete 3, gogo amene ali m'kalasi sakudziwa n'komwe kuti kwabwera kanthu, ndipo ana amapondedwa. Kaundula uja amakhala wopanda ntchito. Malo olandirira akhale padera ndi pogona anthu, ngakhale ndi mamita 200 okha: holo ya tchalitchi, mzikiti, ofesi ya sukulu, kapena galaja ya munthu wodziwika m'deralo. Pakhale denga losadontha, chitseko cha loko, ndi pansi pokwera. Matumba asakhudze simenti kapena khoma. Yalani njerwa, pamwamba pake matabwa kapena mabenchi, n'kusiya mpata wa dzanja limodzi kukhoma. Sopo, palafini ndi mankhwala a m'madzi zikhale ngodya ina, chifukwa ufa umakoka fungo, ndipo nsima ya fungo la sopo ana amaikana.

Mu Blantyre malo amodzi sakwanira, koma oposa 3 amakuthawani. Mzindawu unadulidwa ndi mitsinje ya Mudi, Naperi, Nasolo ndi Likhubula, ndipo mvula ikakula mlatho umodzi ukaduka, munthu wa ku Chirimba kapena ku Machinjiri sangafike ku Chilobwe ndi thumba pamutu. Chimene chinatiyendera ndi kukhala ndi malo amodzi cha ku Limbe kwa ochokera ku Bangwe ndi Chigumula, amodzi m'tauni kapena cha ku Ginnery Corner kumene maminibasi ambiri amadutsa, ndi amodzi pafupi ndi msasa. Galimoto imodzi izizungulira kamodzi patsiku, nthawi yodziwika, kutenga katundu wa malo awiri aja. Posankha, dzifunseni ngati mayi wotsika minibasi ndi mabulangete 2 angafikepo wapansi m'mphindi 5. Opereka ambiri sakhala a magalimoto.

Malowo afotokozedwe monga mmene mungamulondolere mlendo. Kungolemba kuti "pa tchalitchi ku Zingwangwa" n'kusokeretsa anthu, pakuti matchalitchi kumeneko ndi ambirimbiri. Tchulani dzina lonse la malowo, siteji yotsikira, mbali ya msewu, mtundu wa geti, ndi chikwangwani chimene mwapachika. Nenani nthawi yotsegula ndi yotseka, mwachitsanzo 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, ndipo nthawi yonseyo pakhaledi munthu. Wopereka akapeza chitseko chotseka amasiya katundu kwa mlonda kapena pakhonde pa mvula, ndipo sabweranso. Ndipo musatchule malo m'pempho eni ake asanavomere. Zinachitika kuti anthu anafika ndi matumba pa malo amene oyang'anira ake sankadziwa chilichonse, n'kubwezedwa pageti.

Pa malo alionse pakhale anthu awiri ndi kope. Mmodzi aziona katundu, wina azilemba: tsiku, chinthu, kuchuluka, ndi dzina la wopereka ngati akufuna. Katundu akamakwera galimoto, woyendetsa asayine chiwerengero, ndipo wolandira kumsasa awerengenso. Mabulangete amangidwe m'mitolo ya 10 kuti kuwerenga kusavute. Makiyi a chipinda akhale ndi anthu awiri osiyana banja, mmodzi wa iwo akhale mayi wosankhidwa ndi ogona pamsasapo. Wina angaone ngati n'kusakhulupirirana, koma mphekesera yakuti a komiti akudya thandizo imabadwa tsiku lachitatu pa msasa uliwonse, kaya ndi yoona kaya ndi yabodza, ndipo chimene chimaizimitsa ndi kope limene aliyense angaliwerenge.

Munthu womufunsa akhale mmodzi, ndi womuthandiza mmodzi. Pempho la manambala 5 limabala mayankho 5 osiyana: wina akuti ufa wakwana, wina akuti ufa watha. Munthuyo asakhale wapampando, kapena abusa, kapena wina aliyense wotanganidwa ndi maliro ndi misonkhano. Akhale amene angathe kukhala pafupi ndi chipinda chosungira katundu tsiku lonse, wodziwa zimene zalembedwa pakhoma, woleza mtima poyankha funso lomwelo ka 40. Avomere yekha kuti nambala yake ifalitsidwe, podziwa kuti idzafika kwa anthu osawadziwa ndipo idzalira pakati pa usiku. Foni yake ndi chida cha msasa wonse, choncho apezeredwe pawabanki, kapena galimoto yotchajira, ndi mayunitsi. Foni yozima masana onse imapha pempho kuposa china chilichonse, chifukwa woyimba akaimba kawiri osayankhidwa amaganiza kuti ndi zachinyengo.

Zachinyengozo zilikodi. Anthu ena amatenga pempho lenileni, n'kuchotsa nambala, n'kuikapo yawo kuti ndalama za pafoni zizipita kwa iwo. N'chifukwa chake timakonda kupempha katundu kuposa ndalama. Ngati ndalama zikulandiridwa, pempho linene dzina limene lidzaoneka pafoni potumiza, ndipo wotumiza akaona dzina lina aleke. Ndalama iliyonse ilembedwe m'kope lomwe lija, ndipo zogulidwa zikhale ndi malisiti. Kwa wopereka, njira yoyesera ndi yapafupi: imbani mufunse kuti anthu alipo angati, ufa watsala wa masiku angati, ndipo mukasiye kuti. Amene ali pamsasa amayankha osaganiza. Wakuba amangobwereza kuti tumizani ndalama.

Pempho la msasa wathu wa chitsanzo likhoza kumveka chonchi, pamwamba pake patalembedwa tsiku ndi ola:

"Pa sukulu yakuti pakugona anthu 200, mabanja 40, kuphatikizapo ana 40 osakwana zaka 5. Dzuwa lisanalowe lero tikufuna mabulangete 90 ochapa ndi ouma, mphasa kapena makatoni oyala, ndi zitenje. Pa sabata ino tikufuna mabulangete ena 80, matumba 12 a ufa a makilogalamu 50, osati chimanga, thumba limodzi la Likuni Phala, soya pisesi, usipa, nyemba makilogalamu 84, mafuta malita 40, mchere makilogalamu 7, nkhuni zouma kapena makala, ndowa zovindikira, sopo ndi Wotagadi. Chonde musabweretse chakudya chophika, mkaka wa makanda, kapena zovala zosasankha. Musagawe nokha pamsasa. Siyani katundu pa malo atatu awa, 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo. Wofunsa ndi mlembi wa komiti ya msasa, ndipo akapanda kuyankha imbirani womuthandiza. Uthengawu ugwira ntchito mpaka Lachisanu, ndipo tidzatumiza wina."

Pamene talemba kuti sukulu yakuti, malo atatu, ndi mlembi, inu mudzaikepo mayina enieni, malondolero ndi manambala. Chiganizo chomaliza chija musachisiye. Uthenga wopanda tsiku umayenda m'mafoni miyezi, ndipo anthu amatha kufika ndi buledi pa sukulu imene ana anayambiranso kuphunzira kalekale, pamene msasa wina kuseri kwa phiri ulibe kanthu. Madzulo alionse tumizani uthenga waufupi wonena zimene zafika, zimene zakwana, ndi zimene zatsala. Kunena kuti "mabulangete akwana, zikomo, tsopano ndi nkhuni ndi ndiwo" kumachititsa anthu kukukhulupirirani, ndipo amaperekanso kachiwiri. Zithunzi za ana akulira kapena za anthu ali mbulanda musaziphatikize. Chithunzi cha khoma la masiku otsala chimanena zokwanira.

Pogawa, itanani mayina kuchokera m'kope, banja limodzi nthawi imodzi, masana, pamalo oonekera, wolandira asayine kapena adinde chala. Mabulangete agawidwe cha m'ma 3 koloko, kusanade, kuti wosowa adziwike kukadali nthawi yomufunira china. Anthu auzidwe poyera, mobwereza, kuti thandizo ndi laulere, ndipo aliyense wopempha ndalama kapena thupi la mayi kapena mtsikana kuti amulembe m'kaundula akanenedwe kupolisi. Musaiwale amene nyumba zawo zinagwa koma akusungidwa kwa achibale kapena oyandikana nawo. Iwo sagona pamsasa, ndiye kaundula wa usiku uja sawaona, pamene banja lowasungalo ufa wake ukutha kawiri msanga. Buloko lida awalembe patsamba lina, ndipo azilandira ufa wouma wokaphika kumene ali.

Sabata yoyamba katundu amabwera wambiri moti chipinda chimachepa. Sabata yachitatu magalimoto amasiya kufika, koma anthu 200 aja akudyabe makilogalamu 80 patsiku. Choncho pamene zinthu zachuluka, musagawe zonse chifukwa choti zilipo. Gawani mabulangete onse, pakuti bulangete m'chipinda silifunditsa munthu, koma ufa, nyemba ndi mafuta zituluke pa muyezo wa tsiku, zoyamba kufika zikhale zoyamba kuphikidwa. Ndipo kampani kapena mpingo ukaimba sabata yoyamba kufunsa kuti ubweretse chiyani, mlembi aziyang'ana pakhoma, ndipo ngati ufa wa masiku 7 ulipo kale, aupemphe kuti matumba ake 12 uwasunge, udzabwere nawo Lolemba la sabata yachitatu.